Momwe mungalonjerere kasitomala amene sakulipira invoisi

Kulimba kwa uthenga wolonjerera ndalama sikukhala m'mawu aukali. Uthenga umalimba chifukwa uliwonse ukubwera ndi chinthu chimodzi chimene chinalibe mu wam'mbuyo: poyamba chikumbutso, kenako funso, kenako tsiku lomaliza, pamapeto zimene zitsatire. Titenge chitsanzo cha womasulira amene amagwira ntchito payekha. Anatumiza invoisi nambala 037 ya ndalama zokwana 600,000 pa 3 Marichi, ndipo anagwirizana kuti alipidwa pasanathe masiku 14, kutanthauza pofika pa 17 Marichi.

18 Marichi: ingokumbutsani

Tsiku likangodutsa, lembani m'mawa mwake. Ganizirani kuti munthuyo wangoiwala, poti nthawi zambiri zimakhaladi choncho.

"Moni Mayi. Ndikukumbutsa za invoisi 037 ya 600,000, imene tsiku lake lolipira linali dzulo, pa 17 Marichi. Ndaiphatikizanso pano, ndipo nambala ya akaunti ili m'munsimo. Zikomo."

Muziyiphatikiza invoisiyo nthawi zonse, kuti pasapezeke woti "sitinaione". Musayambe ndi "pepani pokuvutitsani". Ntchito munagwira, palibe chopepesa.

24 Marichi: funsani tsiku

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amangobwereza uthenga woyamba uja. Chikumbutso munthu angathe kuchiwerenga n'kungokhala chete, koma funso limafuna yankho.

"Moni Mayi. Invoisi 037 yapitirira ndi sabata imodzi ndipo ndalama sinalowe. Kodi ilipidwa tsiku liti? Ngati pali chimene chikuchedwetsa, kapena ngati pali wina woona za malipiro amene ndiyenera kumulembera, chonde ndiuzeni."

Chiganizo chomalizacho n'chofunika kwambiri. M'makampani ambiri amene anakupatsani ntchito si amene amatulutsa ndalama. Invoisi ikhoza kukhala kuti yaima ku ofesi ya akauntanti chifukwa palibe nambala ya oda, dzina la kampani linalembedwa molakwika, kapena bwana wosainira sanasaine. Zikakhala zotere, ngakhale mutakalipa bwanji ndalama situluka, pamene kukonza pepalalo ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Yankho lidzakuuzani mtundu wa vuto lanu. Wokupatsani tsiku lenileni kawirikawiri amalipira. Wongoti "tikuyendetsa" kapena "posachedwapa" sanayankhe kanthu, ndipo mumufunsenso kuti ndi tsiku liti.

31 Marichi: imbani foni, ikani malire

Pakadutsa masabata awiri, imbani. Mukamaliza kulankhula, lembani zimene mwagwirizana tsiku lomwelo, chifukwa mawu a pafoni sasiya umboni.

"Mayi, monga takambirana lero, invoisi 037 yapitirira ndi masiku 14. Ndikuyembekeza ndalama yonse pofika pa 7 Epulo. Ntchito yachiwiri ija ndaiimitsa kaye, ndiyambiranso ndalamayi ikalowa."

Kuimitsa ntchito ndi mphamvu yaikulu imene munthu wogwira ntchito payekha ali nayo, choncho musapereke ntchito ina kwa amene sanalipire yoyamba. Chiwongoladzanja cha kuchedwa muchitchule pokhapokha ngati chili mu mgwirizano wanu kapena malamulo a dziko lanu amachilola. Kuchipeka pa nthawi ino kumangopatsa kasitomala poyambira mkangano.

Akapempha kulipira pang'onopang'ono, ine ndimaona kuti ndi bwino kuvomera, bola zilembedwe: 300,000 pa 7 Epulo, 300,000 yotsala pa 21 Epulo. Akavomera polemba, ndiye kuti wavomeranso kuti ngongoleyo ndi yake.

16 Epulo: chenjezo lomaliza

Ngati 7 Epulo yadutsa kuli zii, tumizani mzere umodzi pa 8 wonena kuti tsiku ladutsa. Pakakwana masiku 30, lembani kalata yeniyeni, ipite pa imelo komanso ku ofesi yawo m'njira yoti wolandira asainire.

"Invoisi 037 ya 600,000 inayenera kulipidwa pa 17 Marichi. Ndinakukumbutsani pa 18, 24 ndi 31 Marichi komanso pa 8 Epulo. Ndalamayi ikapanda kulowa pofika pa 23 Epulo, nkhaniyi ndikaipereka kukhoti osakuchenjezaninso."

Musalembemo za lendi kapena mavuto a kunyumba, ndiponso musaopseze kuti muwayalutsa pa intaneti, chifukwa izi zingakubwerereni ngati mlandu woipitsa mbiri. Tchulani chokhacho chimene mudzachitedi. Mukanena 23 Epulo, pa 24 n'kutumizanso chikumbutso china, kasitomala amadziwa kuti masiku anu alibe mano. Musanatumize kalatayi, fufuzani khoti limene limaona ngongole za kukula kotere ndi ndalama yotsegulira mlandu, ndipo sonkhanitsani pamodzi mgwirizano, invoisi, umboni woti ntchito inalandiridwa ndi mauthenga onse motsata masiku ake.