Kandalama kamene banki inkadula kawiri

Ndinali ndi miyezi itatu yokha pa ukalaliki pamene anandipatsa ntchito yofananitsa sitetimenti ya ku banki ndi buku lathu la ndalama. Ndinaona kuti pa 28 banki inkadula ndalama yosungira akaunti, pa 30 n'kudulanso kena kocheperako, mawu ake omwewo koma nambala yosiyana.

Kalaliki amene ndinamulowa m'malo ankangoziphatikiza pamzere umodzi, buku n'kutseka. Sindikumunena, kumapeto kwa mwezi aliyense amafuna kuweruka.

Ndinafukula masitetimenti akale n'kumabwerera m'mbuyo ndi pensulo. Kudula kawiriko kunayamba miyezi 14 m'mbuyomo, mwezi womwe tinasintha mtundu wa akaunti. Kalata yosinthirayo ndinaipeza m'failo, ndipo inkatchula malipiro amodzi okha. Atsopano analowa, akale osachotsedwa.

"Bwana, taonani apa."

Akauntanti anavala magalasi, n'kuwerenga kawiri. "Lembani kalata, ndisaina."

Ndinandandalika masiku onse 14, ndalama ndi nambala zake, n'kuphatikizapo kope la kalata ija. Patatha milungu itatu banki inavomera kulakwitsa n'kubweza zonse. Mwezi wotsatira ndinayang'anabe pa 30. Panalibe kanthu.