Odiyo ndi chithunzi kuchokera mu vidiyo imodzi

"Ndili ndi vidiyo ya mlangizi wa zausodzi ku Senga Bay. Nditulutsamo bwanji odiyo ndi chithunzi cha mawu ake zotumiza pa WhatsApp?"

Mukhale ndi chilolezo chake, pulogalamu yopangira zithunzi ya Canva, ina yosinthira vidiyo kukhala MP3, ndi vidiyo yoyambirira, chifukwa yodutsa pa WhatsApp imakhala itafooka kale.

1. Mverani vidiyoyo osayang'ana foni. Ambiri amalakwa pano: mlangizi akati "ukonde uwu" akuloza, womvera odiyo sadziwa ndi uti. Sankhani pomwe wautchula dzina.
2. Dulani masekondi 30, musunge ngati MP3 pa 64 kbps. Ndi 240 KB basi, simadya bando.
3. Mu Canva tsegulani tsamba la saizi ya 1080 x 1080, mulembe chiganizo chimodzi ndendende momwe anachinenera, zilembo zikuluzikulu, dzina lake pansi.
4. Tumizani chithunzi kaye, odiyo pambuyo, kuti anthu adziwe akulankhula ndani.