Mgwirizano wa masamba 46, chidule cha masamba 20

Nyengo yogulitsa mbewu ino ndaona chizolowezi chimene chikuwapweteka alimi m'makalabu ndi m'makopaletivi. Kampani yogula soya kapena mtedza ikatumiza mgwirizano wautali pa WhatsApp, mlembi amauika mu pulogalamu ya AI, yomwe imawerenga ndi kulemba mawu ngati munthu, kuti imufupikitsire, kenaka amatumiza chidulecho pagulu ndi mawu akuti umu ndi mmene mgwirizano ukunenera. Kufupikitsako sindikudana nako. Chimene chikundiwawa n'chakuti nthawi zina pulogalamuyo siinafike kumapeto kwa chikalatacho, ndipo palibe amene akuwauza alimi kuti masamba akumapeto sanawerengedwe.

Pulogalamu iliyonse yotere ili ndi malire a mawu amene ingalandire nthawi imodzi. Malirewo sawerengedwa m'masamba koma m'tizidutswa ta mawu totchedwa matokeni, ndipo Chichewa chimadya matokeni ambiri kuposa Chingerezi pa nkhani yofanana, chifukwa zida zoduladula mawuzo zinaphunzitsidwa kwambiri pa Chingerezi. Ndiye chikalata chomasuliridwa m'Chichewa chimafika pamalire msanga. Chikapitirira malirewo, mapulogalamu ena amakana poyera kuti fayilo yakula. Amenewo ndi abwino. Ena amangotenga chiyambi n'kusiya zotsala mwakachetechete, ndipo chidule chimatuluka chosalala, chokhala ndi mitu yake ndi mawu omaliza, ngati kuti zonse zawerengedwa.

Tiyerekeze mgwirizano wa masamba 46, tsamba lililonse mawu 400. Onse pamodzi ndi mawu 18,400. Ngati pulogalamu imene mlembi akugwiritsa ntchito inakonzedwa kuti izitenga mawu 8,000 oyambirira okha, kuwerenga kwathera pa tsamba 20. Masamba 26 atsala, oposa theka. Tsono taonani zimene zimakhala m'masamba oyambirira a mgwirizano: maina a mbali ziwiri, matanthauzo a mawu, mbewu ndi feteleza zimene kampani idzapereka pangongole, malonjezo a kudzagula. Zokoma zonse zili kutsogolo. Zoluma zimakhala kumbuyo: chilango cha wogulitsa kwa mavenda, masiku amene kampani ingachedwe kulipira, amene adzalipire thiransipoti, njira yothetsera mgwirizano, ndi matebulo a magiredi ndi chinyontho amene amaikidwa m'zowonjezera za kumapeto. Chidule cha masamba 20 oyambirira chimamuonetsa mlimi zimene adzalandire n'kumubisira zimene adzadulidwe.

Pali msampha wina umene umapusitsa ngakhale alembi ochenjera. Tsamba la zamkatimu limakhala koyambirira, ndiye pulogalamuyo imaliwerenga. Imadziwa kuti kumapeto kuli chowonjezera chonena za magiredi, ndipo ikhoza kuchitchula m'chidule kuti mitengo idzatengera giredi ya mbewu. Mlembi akaona zimenezo amati yafika mpaka kumapeto. Sinafike, yangoona mutu. Umboni wake ndi woti m'chidulemo mulibe nambala iliyonse yochokera m'tebulolo. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina pulogalamu imadzaza mpatawo ndi zimene migwirizano yambiri imanena, osati zimene mgwirizano wanuwo ukunena, ndipo mawu ongoganizirawo amalembedwa molimba mtima chimodzimodzi ndi oona.

Mayi wina wa m'kalabu ya soya anandiimitsa panjira tsiku la msika, atanyamula lisiti m'kathumba ka pulasitiki. "Alangizi, taonani apa. Pa sikelo matumba anga anakwana, koma apa andichotsera makilogalamu, akuti chinyontho. Alembi athu potiwerengera sananenepo za chinyontho." Tinapita kwa mlembiyo, mnyamata wakhama ndithu, ndipo anatsegula fayilo pa foni yake. Tebulo la chinyontho linalimo, kumapeto kwenikweni, lolembedwa bwinobwino. Mayiyo anangoti, "Akanatiuza kuti kumapetoko sanawerengeko, ndikanamupatsa mwana wanga wa ku sekondale andiwerengere. Soyayo ndikanamuyanika masiku ena awiri." Anataya ndalama pa chinthu chimene dzuwa likanakonza kwaulere. Ndipo kukadandaula ku kampani kunalibe phindu, chifukwa dzina lake linali pa mndandanda wa amene anasayina.

Khalidwe limeneli silinabwere ndi mafoni. Kuyambira kale tili ndi alembi amene pamsonkhano amawerenga tsamba loyamba la kalata, n'kunena kuti zotsalazo ndi zomwezomwezo, anthu n'kuwomba m'manja. Timaopa kuoneka ngati sitinamalize ntchito, timaopa kuti apampando atiyesa aulesi. Kunena zoona, zimenezi zanditopetsa. Munthu amene wanena kuti wawerenga theka wandithandiza, chifukwa ndikudziwa poyambira. Amene wandipatsa theka n'kunena kuti ndi zonse wandichotsera ngakhale maganizo oti ndikafufuze. Kufunsa ndi kudziwa njira, koma munthu angafunse bwanji za tsamba limene sakudziwa kuti linadumphidwa?

Kudukako sikuti nthawi zonse kumachitika chifukwa cha kutalika. Makampani ambiri amalemba mgwirizano pa kompyuta, koma matebulo ndi tsamba losayinapo amachita kujambula n'kuphatikiza mu PDF yomweyo. Masamba ojambulawo ndi zithunzi, ndipo pulogalamu imene imangotulutsa malemba imawaona ngati opanda kanthu. Kuyesa kwake n'kosavuta: dinikizani chala pa liwu limodzi la tsambalo, ngati silikusankhika kuti mulikopere, ndiye kuti ndi chithunzi. Komanso ena amajambula chikalata tsamba ndi tsamba pa foni, netiweki n'kuduka kapena bandulo n'kutha zithunzi zina zisanapite. Wolandirayo amawerenga zimene zafika, osayang'ana kuti manambala a masamba adumpha.

Achinyamata amene mukupanga mapulogalamu othandiza alimi, nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri, chifukwa amene mumaika malirewo ndinu. Ngati pulogalamu yanu yadula chikalata, imuuze munthuyo pa mzere woyamba, chidule chisanayambe, ndipo itchule masamba. Kulemba pansi penipeni m'timalemba tating'ono kuti chidulechi chikhoza kukhala chosakwanira n'kudziteteza chabe, mlimi sangachite nako kanthu. Manambalawo awerengedwe ndi khodi yanu pa nthawi yodulayo, osati kuyembekezera kuti AI idzazindikira yokha, chifukwa iyo imaona zokhazo zimene mwaipatsa ndipo nthawi zambiri siingadziwe kuti panali zina.

Alembi, zochita zake ndi zochepa. Tsegulani fayilo muone chiwerengero cha masamba, pitani ku tsamba lomaliza ndi ku matebulo, mutenge nambala imodzi kapena ziwiri, muzifufuze m'chidule. Ngati mulibe, gawani chikalatacho m'zigawo za masamba 10 kapena 15, mudulire pamene mutu wathera, muike chigawo chilichonse pachokha. Matebulo a mitengo ndi zilango werengani ndi maso anu. Nthawi ikakuchepelani, tumizani zimene muli nazo koma muyambe motere: "Chikalatachi chili ndi masamba 46. Chidulechi chachokera pa tsamba 1 mpaka 20. Masamba 21 mpaka 46 sanawerengedwe, ndipo malinga ndi zamkatimu, m'menemo muli zilango, malipiro ndi magiredi. Wina asasayine mpaka tiwerenge Loweruka." Mukamatumiza uthenga wa mawu kwa amene sadziwa kuwerenga, yambaninso ndi zomwezo.