Mukalandira ntchito yomanga yosatha: momwe mungalembere kalata ya handova musanasayine

M'mabungwe ambiri, manijala wa pulojekiti akamachoka amasiyira womulowa m'malo makiyi a ofesi, laputopu, ndi tsamba limodzi lolembedwa kuti ntchito ikuyenda bwino ndipo yafika pa 60 peresenti. Tsamba lotere silikuthandizani. Kuyambira tsiku limene mwasayina kuti mwalandira, funso lililonse la abwana, la opereka thandizo ndi la oditi libwera kwa inu, ngakhale la zinthu zimene zinachitika musanabwere. N'chifukwa chake kalata ya handova musaisiyire wochokayo yekha. Muilembe awiri, iye akunena zimene akudziwa, inu mukutsimikiza ndi maso anu.

Tiyerekeze kuti mukulandira ntchito yomanga buloko ya makalasi awiri ndi zimbudzi pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi. Kontirakiti yake ndi ya K80 miliyoni, khoma lafika pa lintala, ndipo mnzanu akuchoka kumapeto kwa Okutobala. Manambala onse ali m'munsimu ndi achitsanzo chabe.

Yambani ndi mapepala, musanamve nkhani

Pemphani masiku osachepera asanu oti mugwirire limodzi ntchito, ndipo tsiku loyamba lithere pa mafayilo. Mufunika kontirakiti yosayinidwa, mapulani omaliza amene amisiri akugwiritsa ntchito, mndandanda wa ntchito ndi mitengo yake, masetifiketi onse olipirira kontirakitala, maminitsi a misonkhano ya pa saiti, ndi makalata onse a pakati pa bungwe ndi kontirakitala. M'kalata ya handova mulembe pamene chilichonse chili, kaya ndi mu kabati iti kapena mu foda iti. Chimene chasowa chilembedwe kuti chasowa, ndi dzina la amene akuchifufuza.

Zambiri masiku ano zimagwirizanidwa pa WhatsApp, pa foni ya mwini wake. Mnzanuyo atumize zokambirana za gulu la pa saiti ku imelo ya ofesi asanachoke, pamodzi ndi zithunzi zonse.

Ndalama zigawike panayi

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. A ku akaunti akuuzani kuti kontirakitala walandira K49 miliyoni, ndiye kuti zatsala K31 miliyoni. Nambala imeneyo ndi yoona, koma siikuuzani kuti ntchito yafika pati. Mnzanuyo aigawe pamaso panu.

Poyamba pali adivansi. Kontirakitala anapatsidwa K16 miliyoni, kutanthauza 20 peresenti, asanakumbe ngakhale maziko. Kachiwiri pali mtengo wa ntchito imene injiniya anaivomereza m'masetifiketi, imene pano yakwana K44 miliyoni. Kachitatu, pa setifiketi iliyonse bungwe lakhala likudula 20 peresenti kubweza adivansi ija, ndipo labweza K8.8 miliyoni. Kachinayi ndi ritenshoni, ndalama imene bungwe limagwira kuti kontirakitala adzakonze zolakwika, pano 5 peresenti, yomwe ndi K2.2 miliyoni. Mukaphatikiza 16 ndi 44, n'kuchotsa 8.8 ndi 2.2, mupeza 49 uja.

Mukagawa chonchi muona zinthu ziwiri zimene nambala imodzi ija inabisa. Ntchito yotsala ndi ya K36 miliyoni, osati K31 miliyoni. Komanso kontirakitala akadali ndi K7.2 miliyoni ya bungwe imene sanaigwirire ntchito. Atati athawe mawa, chimene chingabweze ndalamayo ndi chikalata cha chikole chimene banki kapena kampani ya inshuwalansi inapereka pa nthawi ya adivansi. Chikalatacho chili ndi tsiku lothera. Ntchito ikachedwa, nthawi zambiri chimatha mphamvu popanda woona, chili phee mu fayilo. Chitulutseni, muwerenge tsikulo nokha, ndipo mulilembe pa tsamba loyamba la handova. Ngati latsala pafupi, kalata yoyamba imene mulembe pa udindo wanu ikhale youza kontirakitala kuti achiwonjezere nthawi. Chitaninso chimodzimodzi ndi bondi yotsimikiza kuti amaliza ntchito, ndi inshuwalansi ya pa saiti.

Funsaninso ngati pali kalata ya kontirakitala yopempha kukweza mitengo imene sinayankhidwe. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera, ndipo makontirakiti amene anasayinidwa pa mitengo yakale anavuta kumaliza. Pempho lotere likangokhala osayankhidwa, kontirakitala amachepetsa anthu pa saiti mwakachetechete. Kalata ya handova inene ngati kontirakiti imalola kusintha mitengo kapena ayi, ndi zimene bungwe linayankha.

Pitani ku saiti limodzi, mutatenga setifiketi yomaliza

Musalole kulandirira ntchito mu ofesi. Pitani awiri, muitane injiniya kapena woyang'anira zomangamanga wa ku khonsolo, folomani wa kontirakitala, ahedi, ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Tengani tepi yoyezera ndi setifiketi yomaliza, muyende nayo mzere ndi mzere. Pamene palembedwa kuti khoma lamalizidwa mpaka pa lintala, zungulirani mbali zonse zinayi, chifukwa mbali yoyang'ana ku msewu ndi imene imajambulidwa kawirikawiri, ya kumbuyo n'kukhala ikadali pa windo.

Samalani kwambiri ndi zipangizo zimene zinalipiridwa zisanagwiritsidwe ntchito. Tinene kuti mu K44 miliyoni muja muli malata a K5 miliyoni amene analembedwa kuti ali pa saiti. Atsegule sitolo muwerenge limodzilimodzi, muonenso geji yake ngati ndi imene ili mu kontirakiti. Mukapeza theka, kapena mukauzidwa kuti ena ali kwa wogulitsa m'tauni, mulembe zimene mwaona ndi zimene mwauzidwa, mosiyanitsa. Matumba a simenti agwireni ndi manja. Simenti imene yakhala miyezi yoposa itatu, kapena imene inasanjikidwa pansi popanda matabwa, imayamba kuchita mibulu ndipo mphamvu yake imachepa. Ngati mibuluyo siikuphwanyika mukaifinya ndi zala, thumbalo musaliwerengere.

Pali ntchito ina imene simungaionenso chifukwa inakwiririka: kuya kwa maziko, zitsulo za mu konkire, pulasitiki yoletsa chinyezi, ndi mankhwala a chiswe. Umboni wake ndi zithunzi zokhala ndi masiku, buku la pa saiti limene folomani amalemba tsiku ndi tsiku, ndi zotsatira za kuyeza konkire, zimene zimatengedwa pa masiku 7 ndi 28. Ngati umboniwo palibe, musanene kuti ntchitoyo ndi yoipa, koma musavomerezenso kuti ndi yabwino. Lembani kuti: "Maziko sindinawaone, ndipo zithunzi ndi zotsatira za konkire sizinapezeke pa tsiku la handova." Chiganizo chimenechi chidzakutetezani khoma likadzang'aluka patapita chaka.

Malonjezo apakamwa

Gawo ili ndi limene silipezeka mu fayilo iliyonse, ndipo kwa ine ndi limene limapweteka kwambiri wobwera kumene. Khalani pansi ndi mnzanuyo, mumufunse gulu ndi gulu kuti analonjeza chiyani. Mwina ahedi anapempha kuti khonde likulitsidwe, iye n'kuuza folomani kuti "pangani, tidzaona". Khondelo lamangidwa, mtengo wake sunalembedwe paliponse, ndipo kontirakitala adzaubweretsa kwa inu pa setifiketi yomaliza. Mwina amfumu anauzidwa kuti anyamata a m'mudzi ndi amene azilembedwa ganyu. Mwina amayi otunga madzi anauzidwa kuti adzalandira kangachepe, pamene pa pepala palembedwa kuti mchenga ndi madzi ndi chopereka cha mudzi.

Pa lonjezo lililonse mulembe amene analonjezedwa, tsiku, mboni, ndi ndalama imene lingadye. Kenako mufunse mbali inayo panokha, mwaulemu: "Gogo chalo, a manijala amene akuchokawa anagwirizana nanu zotani pa nkhani ya mchenga?" Pamene mayankho awiriwo asiyana, nkhaniyo ithe mnzanuyo akadalipo. Zosintha pa pulani zimene zachitika kale zilembedwe ndi kusayinidwa ngati chilolezo chosinthira ntchito, kapena zikanidwe polemba.

Pofunsa zimenezi musakhale ngati wapolisi. Munthu amene akuona kuti mukumusakira mlandu amatseka pakamwa. Funso limene limatsegula anthu ndi lakuti: "Mukanakhala kuti simukuchoka, ndi chiyani chikanakusowetsani tulo mwezi wamawa?"

Masiku amene sadikira

Tsamba limodzi likhale la masiku okhaokha: tsiku lomalizira ntchito malinga ndi kontirakiti ndi nthawi yowonjezera ngati inaperekedwa polemba, masiku othera zikole zija, tsiku la lipoti la opereka thandizo, ndi tsiku limene ndalama za thandizo zimatsekedwa. Lomalizali liyerekezeni ndi nthawi yokonza zolakwika, imene m'makontirakiti ambiri imakhala miyezi 12 nyumba ikaperekedwa. Thandizo likatsekedwa nthawiyo isanathe, muyenera kudziwiratu kumene ritenshoni idzasungidwe.

Mu chitsanzo chathu muli tsiku lina limene silili pa pepala lililonse. Mvula imayamba cha mu Novembala, ndipo buloko ili pa lintala yopanda denga. Ngati msewu wopita ku sukuluyo umaduka ndi mvula, matabwa a denga, malata ndi simenti ya pulasitala ziyenera kufika msewu usanaterere. Zimenezi zilowe pa mndandanda wa zochita za masabata awiri oyamba, chilichonse ndi dzina la wochichita.

Kusayina

Kalata yeniyeniyo isapitirire masamba atatu kapena anayi, zina zonse zikhale zomatidwa kumbuyo. Pamwamba pakhale tsiku limene udindo ukuchoka kwa iye kubwera kwa inu. Musayine atatu, wochoka, wolandira ndi bwana wa nonse, ndipo aliyense atenge kope lake. Ngati pali pamene simukugwirizana, monga pa malata aja, mulembe maganizo onse awiri osafufuta a wina.

Tsiku lomwelo bungwe lilembere kontirakitala ndi khonsolo kuti kuyambira lero malangizo azichokera kwa inu. Popanda kalatayi folomani apitiriza kuimbira foni munthu amene anamuzolowera. Dzina la wochokayo lichotsedwe pa osayinira ku banki ndipo mapasiwedi asinthidwe.

Zimachitikanso kuti mwafika mnzanuyo atapita kale. Zikatero tsatani njira yomweyi nokha mu sabata yoyamba, mutatenga injiniya ndi wa ku akaunti ngati mboni. Kalatayo muitche lipoti la zimene mwapeza, muitumize kwa abwana pa imelo kuti tsiku lake lidziwike, ndipo musavomereze setifiketi yatsopano yolipirira kontirakitala mpaka abwanawo atayankha.