Padi ya PS4 pa foni: kuilumikiza, kukonza mabatani ndi kuthana ndi kuchedwa

Ambiri amene amasewera mpira pa PPSSPP, pulogalamu yosewerera magemu a PSP pa foni, amati akaona wosewera akuchedwa kumenya mpira, amathamangira kunena kuti padi ndi yabodza. Musafulumire kuitaya, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala lili pa foni.

Yambani ndi padi yozimitsa. Dinizani batani la SHARE pamodzi ndi la PS osasiya, mpaka nyali yakutsogolo iyambe kuthwanima kawirikawiri mofulumira. Pa Bluetooth ya foni, sankhani Wireless Controller. Nyali ikasiya kuthwanima, ndiye kuti zagwirana. Mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo savuta kwenikweni. Akale ndi amene amakonda kusokoneza mabatani, mpaka lopatsira mpira n'kukhala lomenyera kugolo.

Zikatero, lowani mu Settings ya PPSSPP, kenako Controls, ndiye Control mapping. Khudzani chizindikiro cha Cross pa sikirini n'kudiniza batani la X pa padi. Chitani chimodzimodzi ndi Circle, Square, Triangle, L, R ndi Start. Kumbukirani kuti PSP inalibe L2 ndi R2, ndipo inali ndi kandodo kowongolera kamodzi kokha, choncho musadabwe mabatani amenewa akakhala opanda ntchito.

Nkhani ya kuchedwa ndi imene imafuna kudekha, poti magwero ake ndi awiri. Kuti mudziwe lanu, lumikizani padi ndi chingwe kudzera pa kachipangizo ka OTG, musewere gemu yomweyo. Chingwecho chikhale chodutsa deta, osati chongotchajira, ndipo mafoni ena amafuna muyambe mwayatsa OTG mu Settings ya foni.

Kuchedwa kukatha, ndiye kuti vuto linali Bluetooth. Imayenda pa 2.4 GHz, njira yomweyo imene Wi-Fi yambiri ndi hotisipoti zimadutsa, ndiye zimapanikizana. Zimitsani hotisipoti, chotsani mahedifoni a Bluetooth, ndipo padi ikhale ndi moto wokwanira.

Koma kukapitirira ngakhale pa chingwe, ndiye kuti foni ikulemedwa. Gemu ikamaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chimatenga mamilisekondi pafupifupi 17. Zikatsika kufika 30, chimatenga 33, ndipo zimene mwadiniza zimadikira chithunzi chotsatira kuti zioneke. Chizindikiro china n'chakuti mawu a gemu amaduladula, foni n'kumatentha. Apa lowani mu Graphics ya PPSSPP, tsitsani Rendering resolution ifike pa 2x kapena 1x PSP, ndipo zimitsani Battery saver ya foni, chifukwa imachepetsa mphamvu ya purosesa. Ine ndimalangiza kulolera chithunzi chosawala bwino kusiyana ndi kukweza Frame skipping, chifukwa zithunzi zikamadumphidwa mpira mumauona mochedwa.

Sinthani chinthu chimodzi n'kuyesa musanagwire china, kuti mudziwe chimene chathandiza. Foni ikatentha kwambiri, ivuleni chikwama chake ndipo musaitchaje uku mukusewera, chifukwa ikatentha imachepetsa liwiro yokha.