Mmene tinathetsera chisokonezo cha hafu bodi pa loji yathu

Pa loji yomwe ndimagwira ku Senga Bay alendo amadandaula pafupipafupi nthawi ya nkhomaliro. Bambo ena analipira hafu bodi, masana akuitanitsa chambo ndi nsima, bilu itabwera anakwiya zedi. Sanalakwe, pepala lathu lapalisepushoni linkati "chakudya kawiri" osanena kuti chiti, pomwe lam'chipinda linkati "theka la chakudya", ngati tiwapatsa mbale yosadzaza.

Tinayesa kumangofotokoza pakamwa koma aliyense amanena zake, washifiti yausiku zakenso.

Chinathandiza nkusiya kumasulira liwu ndi liwu, tinalemba zomwe mlendo alandire. HB, kutanthauza hafu bodi: kugona, kadzutsa ndi chakudya chamadzulo. FB, kutanthauza fulu bodi: zomwezo kuwonjezapo nkhomaliro. Pansi pake tinaikapo kuti zakumwa mulipira padera, poti apa mpomwe ena amasokoneza fulu bodi ndi zonse zaulere.

Leti chekauti ndiye inandivuta, "kutuluka mochedwa" anthu amamva ngati chindapusa cha wolakwa. Pano timati "kupempha nthawi yowonjezera m'chipinda", nkulemba maola ake, 10 koloko mmawa kufika 2 koloko masana.

Ndinataipa tsamba limodzi, nkuchotsa mapepala akale onse, nkukopera mawu omwewo mumameseji athu a WhatsApp. Ndalama inangopita kupulinta ndi kulamineta basi.