Masabata anayi a mayeso a zamagetsi: musathawe tiranzisita

Ophunzira ambiri amalephera mayeso a zipangizo ndi maseketi chifukwa choloweza mafomula popanda kugwira pensulo. Ngati kwatsala masabata anayi, agaweni motere.

Sabata yoyamba ikhale ya dayodi, ndipo musachedwepo. Kumbukirani kuti dayodi ya silikoni imadya pafupifupi 0.7 V ikamadutsitsa magetsi. Jambulani nokha mafunde otuluka mu rekitifaya. Magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, choncho rekitifaya ya madayodi anayi imatulutsa timafunde ta 100 Hz. Mukaika 50 powerengera kukula kwa kapasita, yankho lanu lidzakhala kawiri kuposa loyenera.

Sabata yachiwiri yonse ipite ku tiranzisita, chifukwa zam'tsogolo zonse zatsamira pamenepa. Tengani seketi iyi, momwe R1 ndi R2 akugawa voteji yopita ku besi, RC ili ku kolekita ndipo RE ili ku emita: VCC = 12 V, R1 = 47 kΩ, R2 = 10 kΩ, RC = 3.3 kΩ, RE = 1 kΩ. Yambani ndi voteji ya pa besi: 12 × 10/57, yomwe ndi 2.1 V. Chotsanipo 0.7 V kuti mupeze 1.4 V pa emita. Mukagawa ndi RE mupeza kalenti ya emita, IE, ya 1.4 mA, ndipo ya kolekita ndi pafupifupi yomweyo. Marezisita awiriwo, RC ndi RE, akudya 6 V pamodzi, motero VCE ikutsala 6 V, theka la VCC. Tiranzisitayi yakhala pabwino, fundelo lili ndi malo okwerera ndi otsikira.

Tsopano sinthani RC ikhale 10 kΩ. Masamu akuti rezisita imodzi yokha idya 14 V pamene gwero lili ndi 12 V basi. Zimenezi sizingatheke. Musafufute poganiza kuti kalukuleta yanama: tiranzisita yakhuta, VCE yatsikira cha pa 0.2 V, ndipo kalenti muiwerengenso kuchokera pamenepo. Oyesa amaukonda msampha umenewu. Tsiku lililonse sinthani rezisita imodzi, muyambe mwalosera zomwe zichitike musanawerengere. Ngati labu ili yotsegula, lumikizani seketiyo muyeze ndi malitimita. Kusiyana pang'ono kusakudetseni nkhawa, marezisita sakhala ndendende monga alembera.

Sabata yachitatu lowani mu ampulifaya. Pa seketi yoyamba ija, ya RC = 3.3 kΩ, re = 25 mV/IE imapereka pafupifupi 18 Ω, ndipo kapasita ikalambalala RE, fundelo limakula pafupifupi ka 185. Apa muona kuti mukaphonya IE, zonse zagwa. Masiku otsala agawireni FET ndi opu-ampu.

Sabata yomaliza musatsegule mutu watsopano. Lembani mapepala a zaka zam'mbuyo mutatseka buku, wotchi ili patsogolo, makamaka masana poti magetsi sapanganika. Podzichonga, siyanitsani zolakwa za kusamvetsa ndi za mayunitsi, monga kusokoneza mA ndi A. Zoyambazo bwererani nazo ku sabata yake. Zachiwirizo zimatha mukamalemba yunitsi pa mzere uliwonse.